Dzina ndi chaka, kapena nambala?

"Abale, kafukufuku wanga wa zaunamwino ndinalemba mwa APA, koma magazini ya zachipatala yomwe ndikufuna kutumizako akuti amafuna Vancouver. Ndingofufuta mayina n'kuikapo manambala basi?"

Ayi achemwali, mukatero akubwezerani. APA ndi Vancouver ndi njira ziwiri zotchulira mabuku omwe mwagwiritsa ntchito, ndipo kusiyana kwake sikuthera m'ndime mokha, kumafika mpaka ku mndandanda wa mabuku wa kumapeto uja.

Mwa APA mumalemba (Bandura, 1977), ndipo kumapeto mabuku amandandalikidwa motsata alifabeti ya mayina a olemba. Chaka chimenecho Bandura, katswiri wa za maganizo a munthu, anatulutsa nkhani m'magazini komanso buku, ndiye amene wagwiritsa ntchito zonse ziwiri amazisiyanitsa ndi 1977a ndi 1977b. Mwa Vancouver dzina lilibe mphamvu pa kandandalikidwe. Buku lomwe mwayamba kulitchula ndi 1, lotsatira ndi 2, ngakhale mlembi wake dzina litayamba ndi Z. Mukalitchulanso loyamba lija pa tsamba 12, nambala yake ikhalabe 1.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Tiyerekeze muli ndi mabuku 40, mwamaliza kuika manambala pamanja, kenaka aphunzitsi akuti onjezerani buku lina m'ndime yachiwiri, pambuyo pa 3. Latsopanolo likhala 4, lomwe linali 4 likhala 5, mpaka 40 asanduke 41, m'ndime zonse ndi kumapeto komwe. Mukaphonya pamodzi, mawu onena za malungo aloza ku buku la za uchembere, ndipo diso silingaone msanga chifukwa nambala siinena za mwini wake. Poyesa, werengani kuyambira tsamba loyamba: nambala yatsopano iliyonse izibwera motsatana. Mukapeza 9 asanaoneke 8, penapake pasokonekera. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti mabuku muwalowetse mu Zotero kapena Mendeley, pulogalamuyo izisintha yokha manambala.

Nanga azachipatala amakonderanji manambala? Chiganizo chimodzi cha dokotala chitha kutsamira pa mabuku asanu. Kulemba 3-7 kumatenga malo ochepa, pomwe mayina asanu ndi zaka zake angadule chiganizocho pakati, wowerenga n'kuiwala pomwe chinayambira. Njirayi inachokera kwa akonzi a magazini azachipatala omwe anakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978. Ainjiniya nawo ali ndi yawo ya IEEE, yomwe nambala imakhala chonchi: [4].

Koma m'maphunziro a zauphunzitsi, za maganizo a munthu ndi za chikhalidwe cha anthu, mkangano umakhala pa yemwe ananena ndi nthawi yomwe ananenera. Wowerenga akaona 1977 pomwepo, adziwa kuti mfundoyo ndi yakale, ayembekezera kuti mubweretsenso za posachedwa. Nambala ikanabisa zimenezo, ndipo kwa ine kumeneko n'kutaya chinthu chachikulu.

Chinanso, achemwali: ziganizo zanu zoyamba ndi "Malinga ndi Bandura (1977)" muzikonzenso. Dzinalo mutha kulisiya n'kuika nambala pambuyo pake, koma chakacho chichoke. Muonenso malangizo a magaziniyo, poti ena amafuna nambala m'mabulaketi, ena kanambala kakang'ono kokwera m'mwamba.