Kuchotsera kaye kapena VAT kaye: mkangano wa pakauntala ku Lizulu

Funso: Alangizi, ndili ndi hadiweya pa Lizulu ndipo ndinalembetsa VAT. Kasitomala wina anagula malata a K400,000, mtengo wosaphatikiza msonkho, ndipo ndinamulonjeza kumuchotsera 10 peresenti. Iye anati ndiyambe kuchotsera kenako ndiike VAT ya 16.5 peresenti. Mwana wa mchimwene wanga amene amandithandiza pakauntala akuti ndinaluza, ndikanayamba ndi VAT. Ndani akunena zoona? — Mayi wa hadiweya, Lizulu

Mayi, simunaluze ngakhale tambala imodzi. Tengani kakyuleta tiwerengere limodzi, ndipo mnyamatayo akhale pomwepo aziona.

Tiyambe ndi njira ya kasitomala wanu. 10 peresenti ya K400,000 ndi K40,000, ndiye mukachotsa patsala K360,000. Msonkho wa 16.5 peresenti pa K360,000 ndi K59,400. Mukaphatikiza, munthuyo akulipira K419,400.

Tsopano njira ya mnyamatayo. Msonkho pa K400,000 ndi K66,000, zonse pamodzi K466,000. 10 peresenti ya K466,000 ndi K46,600. Mukachotsa, patsala K419,400, ndalama yomwe ija.

Sikuti zangochitika mwangozi ndi manambala awa okha ayi. Kuchotsa 10 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa mtengo ndi 0.9, ndipo kuika VAT n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.165, ngati mlingo wake ndi 16.5 peresenti. Pochulukitsa, zilibe kanthu kuti mwayamba ndi nambala iti. Alimi a kachewere pa msika wanuwo akudziwa kuti mizere 4 ya matumba 5 ndi mizere 5 ya matumba 4 onse ndi matumba 20. Ndiye 400,000 × 0.9 × 1.165 ndi 400,000 × 1.165 × 0.9 zimatera malo amodzi. Mlingo wa msonkho boma limatha kuusintha, choncho nthawi zonse ikani womwe ukutuluka pa malisiti panthawiyo, ukhale 16.5 kapena 17.5, mfundoyi siigwedezeka.

Ndikumvetsa chimene chinamusocheretsa mnyamatayo. Anaona kuti VAT ya pa K400,000 ndi yaikulu kuposa ya pa K360,000, n'kuganiza kuti ndalama yolowa m'kabati ikwera. Anaiwala kuti mukayamba ndi VAT, kuchotserako kumakulanso: K46,600 m'malo mwa K40,000. K6,600 yoonjezera ku msonkho ndi yomweyo imene yaonjezereka ku mbali yochotsera, ndiye ziwirizi zimafafanizana.

Koma musamuseke kwambiri, chifukwa pali malo amene dongosolo lake likadakulumani inuyo, osati kasitomala. Malowo ndi m'mabuku anu.

VAT si ndalama yanu. Inu mumangoitolera m'malo mwa MRA, ndipo imawerengeredwa pa mtengo umene katundu wagulitsidwadi. Malata aja munagulitsa K360,000, osati K400,000, choncho msonkho woyenera kulembedwa ndi K59,400. Tiyerekeze kuti munatsata njira ya mnyamatayo, ndipo palisiti panatuluka kuti VAT ndi K66,000, kenako inu n'kuchotsera kasitomala K46,600 pamanja, popanda kuzilemba paliponse. Mwalandira K419,400, koma m'kaundula mwavomera kuti mwatolera msonkho wa K66,000. Pokapereka ritani ya mwezi umenewo mudzawerengeredwa K66,000 yomweyo, ndipo chotsalira bizinesi yanu ndi K353,400 m'malo mwa K360,000. K6,600 yapita, ndipo palibe wakuberani. Pa kasitomala mmodzi sizioneka. Koma nyengo ino anthu akagulitsa kachewere ndi kabichi n'kuyamba kufolera nyumba, makasitomala otere 20 pamwezi ndi K132,000.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza njira ya kasitomala wanu ngakhale kuti zonse zimathera pa nambala imodzi. Lisiti kapena invoisi ionetse mtengo, ionetse zimene mwachotsera, ionetse mtengo watsopano, kenako msonkho wa pa mtengo watsopanowo. Wowerenga mabuku akabwera sapeza chofunsa. Ndipo kuchotserako kuchitike lisiti isanatuluke m'makina. Ikatuluka kale, kubweza ndalama pamanja sikufafaniza zimene makina alemba.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri kuposa chimenechi, ndipo ichi ndiye chimapweteka wogula. Munthu amawerengera m'mutu kuti: msonkho 16.5, kuchotsera 10, ndiye ndingoonjezera 6.5 peresenti basi. Pa K400,000 zimenezo zimapereka K426,000. Zikumveka zanzeru koma n'zolakwika, chifukwa maperesenti awiriwa sakutengedwa pa ndalama imodzi. Wina akutengedwa pa mtengo woyamba, wina pa mtengo umene wasintha kale. Kuonjezera kwenikweni ndi 4.85 peresenti, poti 0.9 × 1.165 ndi 1.0485.

Ndinazionapo ndi maso pa shopu ina pa boma la Dedza, ndikugula penti. Mtsikana wa pakauntala analemba kuseri kwa katoni: mtengo, pansi pake zochotsera, n'kujambula mzere, kenako msonkho. Zonse zinali m'dongosolo labwino, kungoti msonkhowo anauwerengera pa nambala ya pamwamba ija, ya mtengo usanachotseredwe. Sanali kuba. Chala chake chinangobwerera pa nambala yoyamba, poti ndi imene inali ikuonekabe pa kakyuleta. Nditamuonetsa anagwira pakamwa, n'kuyamba kuwerenga ndi zala anthu amene anawatumikira m'mawa umenewo. Pa malata anuwo cholakwa chotere chikadapereka K360,000 kuphatikiza K66,000, yomwe ndi K426,000 ija. Njira yozindikirira ndi yosavuta: tengani ndalama yolembedwa ngati VAT, muigawe ndi mtengo wotsala mutachotsera. Pa mlingo wa 16.5 peresenti, ikatuluka 0.165 zili bwino. Apa K66,000 kugawa ndi K360,000 ikupereka 0.183, ndiye kuti wogula walipiritsidwa msonkho pa ndalama imene sanapereke.

Tsopano tifike pamene mnyamatayo akanakhala wolondola, ndipo ndikukhulupirira kuti pakauntala panu izi ndi zimene zimachitika tsiku ndi tsiku. Ndi angati amene amabwera n'kunena kuti mundichotsere 10 peresenti? Ambiri amati, "Mayi, chotsaniko 40 pamenepa, tidzabweranso." Kuchotsera kwa makwacha odziwika chonchi si kuchulukitsa, ndi kuchotsa, ndipo apa dongosolo lili ndi kanthu.

Mukachotsa K40,000 msonkho musanaike, tabwerera pa K360,000 ija, ndipo wogula alipira K419,400. Mukaika kaye msonkho n'kufika pa K466,000, kenako n'kuchotsa K40,000, wogula alipira K426,000. Lonjezo ndi limodzi, mawu ndi omwewo, koma kusiyana ndi K6,600. Chifukwa chake n'chakuti mukachotsa musanaike msonkho, K40,000 ija imapita pamodzi ndi msonkho wake. Mukachotsa kumapeto, imapita yokha.

Palibe njira yachinyengo pa ziwirizi, bola nonse mwamvana kuti K40,000 ikuchoka pa mtengo uti. Mkangano umabuka pamene inu mumaganiza za mtengo wokhala ndi msonkho, iye akuganiza za wopanda msonkho. Ngati mitengo yomata pa katundu m'shopu mwanu ili kale ndi VAT mkati, monga zilili m'mashopu ambiri ogulitsa kwa anthu wamba, ndiye "chotsaniko 40" akutanthauza pa mtengo umene akuwuonawo, ndipo palibe vuto. Vuto limabwera pa makotesheni a makontrakitala, masukulu ndi mipingo, amene amalembedwa mtengo payekha, msonkho payekha. Pamenepo funsani musanavomere, ndipo mulembe yankho lake papepalapo.

Koma dziwani kuti ngakhale mwachotsa kumapeto, msonkho wolemba m'mabuku sukhalanso K66,000. Mwalandira K426,000, ndipo mkati mwakemo muli kale msonkho. Kuti muutulutse, gawani ndi 1.165. Mupeza pafupifupi K365,665, umene ndi mtengo weniweni umene mwagulitsira, ndipo yotsalayo, pafupifupi K60,335, ndiye VAT. Onani bwino apa: wogula wapepukidwa ndi K40,000, koma inu mwataya K34,335 yokha pa mtengo wanu, inayo yachoka ku msonkho. Ndi nambala yofunika kuidziwa pamene mukukambirana mtengo, chifukwa ndi imene muyenera kuiyerekeza ndi phindu lanu pa malatawo.

Potulutsa msonkho mkati mwa mtengo musachite zochotsa 16.5 peresenti ya ndalama yonse. Ambiri amagwa pamenepa. 16.5 peresenti ya K419,400 ndi K69,201, ndipo mukaichotsa mutsala ndi K350,199, pamene tikudziwa kale kuti mtengo unali K360,000. Msonkho unaikidwa pa nambala yaing'ono, ndiye simungaubweze pouwerengera pa yaikulu. Munakwera pochulukitsa ndi 1.165, mutsike pogawa ndi 1.165 yomweyo.

Nthawi zina mudzayesa njira ziwiri zija za maperesenti n'kupeza kuti zasiyana ndi kwacha imodzi kapena ziwiri. Musadandaule, ndi matambala amene mwataya pofupikitsa manambala panjira, makamaka mukamawerengera lata lililonse palokha m'malo mwa katundu yense pamodzi. Kusiyana kukafika m'mazana kapena m'masauzande, pamenepo ndiye pali cholakwa, ndipo muyambe kuyang'ana nambala imene msonkho wawerengeredwapo.

Ngati muli ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel, ikani mtengo wopanda msonkho mu A1, peresenti yochotsera mu B1 yolembedwa ngati 10%, ndi mlingo wa VAT mu C1 ngati 16.5%. Mzere woyamba ukupatsani ndalama yoti wogula alipire, wachiwiri msonkho wolemba m'mabuku:

```
=A1*(1-B1)*(1+C1)
=A1*(1-B1)*C1
```

Mlingo ukasintha mumangosintha C1, zina zonse zimatsatira zokha.

Kwa owerenga ena amene sanalembetse VAT ku MRA, nkhani yonseyi ndi yaifupi: simuloledwa kuonjezera msonkhowu pa mtengo wanu. Msonkho umene munalipira pooda uli kale mkati mwa mtengo woodera, ndiye chotserani pa mtengo wanu wogulitsira, n'kuona ngati chotsalacho chikuposabe zimene munaodera kuphatikiza thiransipoti yochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Za mnyamata wanuyo, Mayi, mupatseni ntchito iyi Loweruka likubwerali mukatseka: atenge malisiti a mwezi watha amene munachotserapo mtengo, pa iliyonse agawe VAT ndi mtengo wotsala, n'kuika pambali onse amene sakupereka mlingo wa VAT wa nthawiyo, monga 0.165 pa mlingo wa 16.5 peresenti.