Usaithawe kosi ya malamulo a malonda chifukwa cha ndime ziwiri

"Ndine mtsikana wa ku Mangochi, ndili chaka chachitatu cha zamalamulo. Ndalakwa mayeso a pakati pa temu a malamulo a malonda a pakati pa maiko chifukwa MFN ndi nashonale tiritimenti zimandisokoneza, ndimaona ngati n'chimodzimodzi. Bambo akuti ndiisiye nditenge ya milandu ya malo chifukwa ndiko kuli ndalama. Ine ndimalakalaka kukagwira ntchito ku WTO ku Geneva. Ndichite chiyani?"

Mwanawe, makalata onga ako amabwera temu iliyonse mayeso akangotuluka, ndipo vuto limakhala lomwelo. Unaloweza ziganizo ziwiri za m'manotsi, chilichonse chili ndi mawu oti "kusasankha", ndiye m'mutu mwako zinamatana ngati nsima ya dzulo. Sunakhale pansi n'kutenga katundu mmodzi kumutsatira kuchokera padoko mpaka pashelefu ya mu golosale. Tiye tichite zimenezo pano.

Funso lililonse likabwera, yamba wadzifunsa kuti akufanizidwa ndani ndi ndani. Ndime 1 ya GATT, pangano la misonkho ndi malonda la 1947 limene WTO, bungwe loona za malonda a padziko lonse, inalitengera itayamba ntchito mu 1995, imafaniza mlendo ndi mlendo mnzake. Ndiyo MFN, Most Favoured Nation. Dzina lake limanyenga, limamveka ngati pali dziko lina lokondedwa kuposa onse, chonsecho likutanthauza kuti chabwino chimene wapatsa katundu wa dziko limodzi upatsenso katundu wofanana naye wa mamembala onse, nthawi yomweyo, popanda kufuna kanthu kobwezera. Ndime 3, nashonale tiritimenti ija, imafaniza mlendo ndi mwini mudzi, ndipo imayamba kugwira katundu akadutsa kale pachipata.

Titenge mafuta ophikira, chigubu cha malita 20 chonga zimene umaziona zitaunjikidwa m'mashopu a pa Mangochi Boma. Manambala awa ndangopeka kuti masamu asavute, si mitengo ya msonkho ya lero. Tinene kuti chigubu cha mafuta a kanjedza chikafika pachipata cha Chiponde, m'malire a Mozambique, mtengo wake ndi K60,000, ndipo msonkho wa kasitomu ndi 25 peresenti. A MRA atenga K15,000, kaya mafutawo apangidwa ku Malaysia kaya ku Indonesia. Tsiku lina boma lagwirizana ndi Malaysia kuti mafuta awo azilipira 10 peresenti yokha, K6,000 pachigubu. Wamalonda woitanitsa ku Indonesia akulipirabe K15,000, kusiyana kwa K9,000 pachigubu chimodzi, ndipo pa zigubu 1,000 ndi K9 miliyoni. Maiko onse atatu ndi mamembala a WTO, mafutawo ndi amodzimodzi. Apa Malawi waphwanya Ndime 1. A Indonesia sayenera kubwera kudzapempha kapena kulonjeza kuti nawonso atsitsa msonkho wa fodya wathu. K6,000 ija ndi yawo kuyambira tsiku limene a Malaysia anayamba kuilipira.

Ona kuti mpaka pano mafuta a mpendadzuwa oyengedwa kuno sanatchulidwe n'komwe. Iwo salipira msonkho wa kasitomu chifukwa sanadutse chipata chilichonse, ndipo palibe cholakwika. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera. Amalemba kuti K6,000 ija ikuphwanya Ndime 3 poti mafuta akuno sakuilipira. Ayi. GATT imalola dziko kuteteza mafakitale ake ndi msonkho wa pachipata, bola usapyole malire amene dzikolo linalonjeza pamndandanda wake, ndipo imeneyo ndi nkhani ya Ndime 2. Chimene imakana ndi chitetezo chachiwiri chobisika mkati mwa dziko.

Tsopano chigubu chalowa, mtengo wake wafika K66,000. Chigubu cha mafuta akuno nacho tinene kuti ndi K66,000. Boma laika msonkho wa mkati mwa dziko, 20 peresenti pa mafuta ochokera kunja, 10 peresenti pa akuno. Mlendo alipira K13,200, mwini mudzi K6,600. A Malaysia ndi a Indonesia alipira mofanana, choncho Ndime 1 ilibe chonena. Yaphwanyidwa ndi Ndime 3, gawo lachiwiri. Katundu akakhala wofanana, ngakhale kusiyana kwa K50 n'kokwanira, sipafunikanso kusonyeza kuti malonda a wina atsika. Ndipo usanyengedwe ndi malo amene ndalama yatoleredwa. Msonkho wa mkati umene umakhudza katundu wa kuno ndi wakunja, ukatoleredwa pa Chiponde pomwepo chifukwa mpamene zili zosavuta, umakhalabe wa Ndime 3.

Maboma sapusa chomwecho, salemba poyera kuti "wakunja alipire zambiri". Lamulo limangoti mafuta a kanjedza 20 peresenti, mafuta a mpendadzuwa ndi a soya 10 peresenti, osatchula dziko. Koma aliyense akudziwa kuti a kanjedza ambiri amachokera kunja pamene mpendadzuwa ndi soya timalima tokha. Funso la mamalikisi ambiri lili pamenepa, ndipo pano uyenera kuchedwapo. Kodi mafuta awiriwa ndi ofanana? Oweruza amayang'ana zinthu zinayi: mmene katunduyo alili, ntchito yake, mmene ogula amamuonera, ndi gulu limene amaikidwa m'buku la misonkho ya kasitomu. Pita kwa mayi wokazinga usipa kapena mandasi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, umufunse chimene amachita mafuta ena akakwera mtengo. Akakuuza kuti amangogula enawo, wakupatsa umboni wa chinthu chachiwiri ndi chachitatu. Loya wa boma adzayankha kuti a kanjedza amaundana kukazizira, amachokera ku mbewu ina, ndipo m'buku la kasitomu ali pamzere wosiyana. Mbali zonse ziwiri uzilembe. Ngakhale woweruza atati si ofanana kwenikweni, nkhani sinathe, chifukwa Ndime 3 ikhudzanso katundu wolimbirana msika yemwe wina angalowe m'malo mwa mnzake. Kumeneko kusiyana kwa msonkho kuyenera kukhala kooneka ndithu, ndipo uyenera kusonyeza kuti kukuteteza mafakitale akuno.

Zimenezi zinachitikadi ndi mowa. Japan inkadula msonkho wochepa pa shochu, kachasu wawo, ndi wambiri pa vodka, wisiki ndi burande zimene zambiri zinkachokera kunja. Maiko a ku Ulaya, Canada ndi Amereka anasuma, ndipo mu 1996 chigamulo chinati vodka ndi shochu n'zofanana, pamene wisiki ndi burande n'zolimbirana msika ndi shochu. Japan inaluza mbali zonse ziwiri. Mlandu umenewu uuwerenge wonse, osati mizere itatu ya m'manotsi a mnzako.

Ukhoza kundifunsa kuti nanga bwanji katundu wina wa ku Zambia kapena ku Kenya amalowa wopanda msonkho wa kasitomu pamene wa ku Indonesia akulipira. Ndime 24 imalola maiko kukhazikitsa dera la malonda opanda msonkho pakati pawo, bola likhudze pafupifupi malonda awo onse, osati mafuta okha. COMESA inayamba zimenezi mu 2000 ndipo Malawi analimo, SADC mu 2008. Palinso chigamulo cha 1979 chimene chimalola maiko olemera kukondera katundu wa maiko osauka, ndiponso maiko osauka kukonderana okhaokha. Ndiye pa mayeso usathamangire kunena kuti Ndime 1 yaphwanyidwa usanayang'ane ngati pali pangano lotere. Koma chenjera ndi chigubu chathu chija. Chikatsika sitima ku Nacala n'kukwera thiraki kudzera ku Mandimba, sichisanduka cha ku Mozambique. Chofunika ndi kumene katundu anapangidwa, n'chifukwa chake pachipata amafuna chikalata chotsimikiza zimenezo. Ndime 3 nayonso ili ndi mpata wake. Boma likamagula mafuta oti agwiritsidwe ntchito m'zipatala zake likhoza kusankha akuno okha, ndipo likhoza kupereka sabuside kwa opanga akuno okha.

Tsopano bambo ako. Ndikuwalemekeza, koma makolo a mtundu uwu amanditopetsa. Aona loya mmodzi wamanga nyumba ya kunyanja ndi milandu ya malo, basi mwana aliyense akhale yemweyo. Milandu ya malo ku Mangochi ilipodi yambiri, makamaka m'mbali mwa nyanja, koma maloya oithamangira nawo ndi ambiri, ndipo malamulo a malo ukuwaphunzira kale monga wophunzira aliyense wa digiri imeneyi. Kusiya kosi chifukwa cha mayeso amodzi a pakati pa temu ndi kuthawa, ndipo ukathawa ino udzathawanso ina ikakuvuta. Ukawafotokozere mwaulemu kuti ukamaliza palibe chimene chidzakuletse kuimira anthu pa milandu ya malo.

Za Geneva ndikuuze mosabisa. Ku WTO amasuma ndi maboma okha, kampani kapena munthu sangasume. Malawi analowa mu 1995 koma sanasumirepo dziko lililonse, amangolowa ngati wokhudzidwa, monga pa mlandu wa mapaketi a fodya wa Australia. Bwalo la apilo la bungweli linaima mu Disembala 2019 chifukwa chosowa oweruza okwanira. Mipando ya maloya kumeneko ndi yochepa, amailimbirana ndi anthu a dziko lonse lapansi okhala ndi digiri yachiwiri komanso zaka za ntchito. Munthu amene pakali pano akusokoneza Ndime 1 ndi Ndime 3 asamalote za ndege.

Ntchito ya maphunziro amenewa ili pafupi kuposa mmene ukuganizira: ku Unduna wa Zamalonda kumene amakambirana mapangano, ku MRA, m'makampani oitanitsa katundu ndi oyenga mafuta amene amakangana ndi a kasitomu za gulu la katundu ndi kumene wachokera, kenako ku likulu la COMESA ku Lusaka kapena la SADC ku Gaborone. Ambiri amene amakakhala nawo pa zokambirana za ku Geneva amatumidwa ndi boma atadziwa kale ntchito kuno.

Kalata yako ikusonyeza kuti ukudziwa pamene pakukuvuta, ndipo anzako ambiri sadziwa ngakhale zimenezo, ndiye mwina ungathe. Patchuthi likudzali usangokhala pakhonde. Kwera galimoto ya ku Namwera upitirire mpaka Chiponde, ukapemphe mmodzi wa maejenti okiliya katundu akuonetse fomu yakale yolipirira msonkho, mayina a eni ake ataphimba. Mzere uliwonse wa ndalama ulembe pambali pake ngati ndi msonkho wa pachipata kapena wa mkati, ndiponso ngati katundu wakuno amaulipira. Kenako ubwereze masamu a chigubu chija ndi sopo kapena mpunga, wekha, osayang'ana pano. Ukachita zimenezo undilemberenso, ndi manambala ako.