Ndataya foni, kodi mauthenga anga ali kuti?

"Foni yanga yatayika. Pa yatsopanoyi Telegram yabweza zonse, koma WhatsApp ilibe kalikonse. Chifukwa chiyani?"

Pepani achimwene, kutaya foni kumawawa. Telegram imasunga macheza wamba pa maseva ake, omwe ndi makompyuta akuluakulu osungira zinthu, ndipo makiyi otsegulira ali ndi kampaniyo. N'chifukwa chake mutangolowa ndi nambala yanu, zonse zinabwera.

WhatsApp sitero. Uthenga umatsekedwa pafoni ya wotumiza, n'kukatsegulidwa pafoni yanu. Seva imangousunga podikira kuti ufike, masiku osapitirira 30, kenako imaufufuta. Zakale zonse zinali m'foni yotayikayo.

Chiyembekezo chili pa Google Drive kapena iCloud, malo osungira zinthu pa intaneti, ngati munkasungako macheza anu. Chotsani WhatsApp, muyiikenso ndi nambala ndi akaunti yomweyo, ikafunsa musankhe `Restore`. Ngati munaikapo mawu achinsinsi, muwakumbukire, chifukwa ngakhale kampani ya WhatsApp singakutsegulireni.