Mawu anayi omwe amangotchedwa helo

"Abale, pamwambo wa maliro ku Chinamwali mlaliki wina ankati kumanda, wina gehena, pomwe Baibulo langa lachingerezi likungoti helo. Zimatheka bwanji?"

Achimwene, mawu oyambirira alipo anayi. Sheol ndi la Chiheberi, limanena malo a akufa onse, abwino ndi oipa omwe. Ayuda potembenuza malemba awo m'Chigiriki anaika Hade m'malo mwake. Gehena ndi nkhani ina: ndi Chigwa cha Hinomu kunja kwa Yerusalemu, komwe ena ankawotcha ana awo ngati nsembe, ndipo Yesu ankachitchula ponena za chilango. Tatarasi limapezeka pa 2 Petro 2:4 pokha, kunena za angelo ochimwa.

Chomwe chinasakaniza zinthu n'chakuti m'Chingerezi chakale helo ankatanthauza malo obisika a akufa, ndiye omasulira Baibulo la King James la 1611 anaona kuti akukwanira pa mawu onse anayi. Komanso sanatsate njira imodzi. Pa Genesis 37:35, Yakobo polira Yosefe akuti adzatsikira ku Sheol, iwo analemba manda. Pa Salimo 16:10 liwu lomwelo analemba helo, chonsecho wolankhulayo ndi munthu wokhulupirika.

Ine zimandipweteka ndikamva anamfedwa akuopsezedwa ndi moto pa vesi longonena za kumanda. Muziyamba mwaona mawu a m'munsi mwa tsamba, Mabaibulo ambiri amasonyeza liwu lenilenilo.