Chifukwa chiyani 2x cos x si yankho

"Ndine wa chaka choyamba, ndimakhala ku Luwinga. Pa x² sin x ndinatenga 2x ndi cos x n'kuchulukitsa, ndinapeza 2x cos x, koma andithetha. Ndalakwitsa pati poti zidutswa zonsezo n'zolondola?"

Achemwali, funso lanuli landikumbutsa ana amene ndinkawathandiza masamu madzulo ku Katoto, mvula ya kuno ikusokosa pamalata moti kumvana kunali kokuwa. Lamulo la product rule, lopezera derivative ya zinthu ziwiri zochulukitsana, onse ankaliimba bwinobwino ngati nyimbo ya kwaya, koma ukawapatsa pepala theka la iwo ankalemba yankho ngati lanuli. Ine kuloweza kotereku ndimadana nako, ndipo amene amaphunzitsa lamuloli osajambula kalikonse amawalakwira ana. Mutu umangotengera za kuphatikiza: pa x² + sin x mumatengadi chidutswa chilichonse pachokha, ndiye dzanja limafuna kuchita zomwezo pochulukitsa. Ngakhale katswiri wa masamu Leibniz, mu 1675, anayamba waganizako choncho asanadzikonze. Lamulo lolondola analisindikiza mu 1684.

Ana aja ndinkawajambulira dimba, m'litali u, m'lifupi v, ndiye malo ake onse ndi uv. Mukalikulitsa pang'ono mbali zonse ziwiri, malo atsopano ndi mizere iwiri: wina kutalika kwake ndi v, wina ndi u. Pakona pamatsala kachidutswa kakang'ono zedi, kamene kamazimirira kukulitsako kukamachepa. Inuyo mwatola kachidutswa ka pakonako n'kutaya mizere iwiri ija.

Kuwerengera kwake

Tengani u = x² ndi v = sin x, ndiye u' = 2x ndipo v' = cos x. Lamulo likuti u'v + uv', kutanthauza kuti chimodzi chikusintha chinzake chili chiimire, kenako asinthana:

```
dy/dx = 2x sin x + x² cos x
```

Musangondikhulupirira. Ikani x = π/2, pamene sin x ndi 1 ndipo cos x ndi 0. Yankho lanu likupereka 0, ngati kuti mzere wa girafu wagona pamenepo, pomwe langali likupereka π, pafupifupi 3.14. Tsopano pa kakyuleta: x² sin x pa 1.5708 ndi 2.4674, pa 1.5808 ndi 2.4988. Kusiyana kwake ndi 0.0314, mukagawa ndi 0.01 mupeza 3.14. Koma kakyuletayo ikhale pa RAD. Ikakhala pa DEG manambala satuluka choncho, chifukwa zoti sin x imapereka cos x n'zoona pa maradiyani pokha.

Kwina kumene anthu amaterereka ndi pa mainasi. Amalemba 2x sin x − x² cos x posokoneza ndi cos x, imene imapereka −sin x. Pa sin x palibe mainasi. Ena amafika pa yankho lolondola n'kuliwononga pofupikitsa: chimene mungatulutse kunja ndi x mmodzi basi, x(2 sin x + x cos x), osati x², chifukwa mu 2x sin x muli x mmodzi yekha.