Chifukwa chiyani zotchinga za atsikana n'zazifupi, koma mpira wamiyendo ndi umodzi?

"Ndimaphunzitsa zamasewera pasukulu ina ya sekondale. Atsikana anga andifunsa chifukwa chimene zotchinga zawo pa mpikisano wothamanga modumpha zimakhala zazifupi, komanso mpira wawo wa basiketibo ndi waung'ono, pomwe pa mpira wamiyendo amasewera ndi mpira womwewo wa anyamata. Wina wati kumeneku n'kuwaderera. Ndiwayankhe bwanji?"

Aphunzitsi, mtsikana amene wanena za kuderera uja musamukalipire, chifukwa mbali ina akunena zoona. Malamulo amenewa sanachokere pagwero limodzi. Ena anaikidwa poyang'ana thupi, kuti luso la masewerawo likhale lofanana kwa amuna ndi akazi. Ena ndi otsalira a nthawi imene akuluakulu a zamasewera ankakhulupirira kuti mkazi ndi wofooka. Ntchito yanu n'kuwathandiza anawo kusiyanitsa awiriwa, ndipo mpikisano wodumpha zotchinga ndi malo abwino ophunzirirapo, chifukwa magwero onse awiri akupezeka mu mpikisano umodzi womwewo.

Amuna amathamanga mamita 110, akazi 100, onse kudumpha zotchinga 10. Chotchinga cha amuna ndi chotalika masentimita 106.7, cha akazi 83.8. Kuchokera pa chotchinga china kufika pa chinzake, amuna ali ndi mamita 9.14, akazi 8.5. Manambala a amunawo akuoneka osokonekera chifukwa anabadwira ku England m'zaka za m'ma 1800, kumene ankayeza ndi mayadi ndi mainchi. Mamita 9.14 ndi mayadi 10 ndendende, ndipo masentimita 106.7 ndi mainchi 42. Muyezo umenewu unakhazikika kalekale akazi asanaloledwe kulowa mu mpikisanowu.

Tiyambe ndi mpata wa pakati pa zotchinga, umene ndimaona kuti anaulondola. Wothamanga waluso sadumpha ngati munthu wowoloka ngalande. Amathamanga ndithu, chotchingacho n'kungochilumpha ngati sitepe imodzi yaitali, ndipo pakati pa zotchinga ziwiri amaponda masitepe atatu okha. Masitepe atatuwo ndiwo amam'thandiza kuti mwendo womwewo ndiwo uzitsogola pa chotchinga chilichonse. Amanyamuka patatsala mamita pafupifupi 2 kuti afike pa chotchinga, n'kutera mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono kuseri kwake. Choncho pa mpata wa akazi wa mamita 8.5 uja, mamita 3 kapena kuposa apita m'mwamba, ndipo otsala pafupifupi 5 ndi theka ndiwo ayenera kukwana masitepe atatu.

Tsopano tengani mtsikana mumuike pa mpata wa mamita 9.14. Zimene muone ndi ziwiri. Mwina ayamba kutambasula miyendo mopitirira muyezo kuti masitepe atatu akwane, aziponda ndi chidendene kutsogolo kwa thupi, ndipo sitepe iliyonse izimubweza m'mbuyo. Apo ayi aponda masitepe anayi, n'kufika pa chotchinga ndi mwendo umene sanauzolowere, kapena asanu ang'onoang'ono opupuluma. Mukaima pambali pa bwalo mukhoza kumva ndi khutu: wothamanga bwino mapazi ake amalira mofanana kuyambira chotchinga choyamba mpaka chomaliza, koma amene mpata wamukulira kulira kwa mapazi kumasokonekera akafika chachinayi kapena chachisanu. Mpikisano umene umayenera kuyesa liwiro ndi luso wasanduka woyesa kutalika kwa miyendo.

Mukagawa 8.5 ndi 9.14 mupeza 93 peresenti. Ndipo m'mayiko ambiri msinkhu wa akazi umakhala pafupifupi 92 kapena 93 peresenti ya msinkhu wa amuna. Apa lamulo likugwirizana ndi thupi, ndipo palibe kuderera kulikonse. Mkazi akupatsidwa vuto lomwelo limene mwamuna akupatsidwa, loyezedwa pa miyendo yake.

Chitani masamu omwewo pa kutalika kwa chotchinga, muona kuti zinthu zasintha. Mukagawa 83.8 ndi 106.7 mupeza pafupifupi 79 peresenti basi. Chikanakhala kuti anatsata msinkhu, chotchinga cha akazi chikanakhala cha m'ma 98 masentimita. Mwamuna wamtali mamita 1.85 akaima pafupi ndi chotchinga chake, chimamufika m'chiuno. Mkazi wa mamita 1.70 akaima pa chake, chimalekeza kumtunda kwa ntchafu. Ndiye mwamuna amayenera kukweza thupi lonse, kuweramira kutsogolo kwambiri, ndi kukokera mwendo wam'mbuyo m'mwamba cha kukhwapa kuti usagunde thabwa. Mkazi amatha kudutsa thupi lili chiimire pang'ono, chiuno chake osakwera kwenikweni. Zotsatira zake n'zakuti mpikisano wa akazi umakomera kwambiri amene ali ndi liwiro la mamita 100, pomwe wa amuna umalanga msanga aliyense amene luso lake lodumpha lili lopelewera, ngakhale akhale waliwiro chotani.

Kusiyana kumeneku kunachokera m'mbiri. Akazi anayamba kupikisana pa zotchinga ku Olimpiki mu 1932, ndipo anapatsidwa mamita 80 okha ndi zotchinga 8 za masentimita 76.2. Anakhala choncho mpaka 1968. Pofika 1972 ku Munich ndi pamene anayamba mamita 100 ndi zotchinga za 83.8 zimene tikuziona lero. Anakweza, inde, koma anakweza kuchokera pa muyezo umene unali wotsika kale, osati kuwerengera kuchokera pa thupi la wothamanga. Kwa zaka zambiri makochi ena akhala akunena kuti zotchinga za akazi zikwezedwe kufika cha m'ma 91, ndipo ine ndili mbali yawo. Onani mpikisano umene Tobi Amusan wa ku Nigeria anaika rekodi ya dziko lonse ya masekondi 12.12 ku Eugene mu 2022. Munthu wotere chotchinga cha 83.8 sichimupatsa ntchito yolingana ndi luso lake. Chimene chimavuta n'chakuti mukasintha kutalika, marekodi onse akale amathera pomwepo, ndipo othamanga amene akonzekera zaka zambiri pa muyezo wakale amayambanso kuphunzira. Mabungwe amaopa zimenezi, choncho lamulo limakhala momwe lilili.

Mbiri yomweyi ndiyo inachititsa kuti akazi achedwe kuloledwa mitunda yaitali. Anathamanga mamita 800 ku Amsterdam mu 1928, nyuzipepala zinakokomeza za kutopa kwawo, ndipo mpikisanowo unachotsedwa ku Olimpiki mpaka 1960. Marathoni ya akazi ndi mamita 400 odumpha zotchinga zinalowa mu 1984, pamene Nawal El Moutawakel wa ku Morocco anapambana pa zotchingazo. Ngakhale pa mpira wamiyendo, chikho cha dziko lonse choyamba cha akazi mu 1991 ankasewera mphindi 80 m'malo mwa 90. Malamulo onsewa anagwa, ndipo palibe mkazi amene anavulazidwa ndi kugwa kwawo. Awa ndiwo amene mtsikana wanu angawatche kuderera popanda womutsutsa.

Nkhani ya mipira imayankhika ndi funso limodzi: mpirawo umagwidwa ndi chiyani? Pa basiketibo mpira umakhala m'dzanja nthawi zonse. Wosewera amaugunditsa pansi ndi dzanja limodzi, amautembenuza ndi nsonga za zala, ndipo poponya mu ling'i mpira umakhala pa zala za dzanja limodzi, lina likungothandizira pambali. Dzanja likachepera mpira, umatsamira pa chikhatho m'malo mwa zala, ndipo wosewera amayamba kuukankha ndi manja awiri kuchokera pachifuwa. N'chifukwa chake amuna amasewera ndi saizi 7 ndipo akazi saizi 6, umene ndi wocheperako ndi masentimita awiri kapena atatu pozungulira pake, komanso wopepukirako. Bungwe la FIBA linakhazikitsa saizi 6 pa mipikisano ya akazi mu 2004. Koma ling'i sanaitsitse, ili pa mamita 3.05 kwa onse. Apa lamulo likuwaumira mtima akazi, ndipo n'chifukwa chake simuwaona kawirikawiri akulumpha n'kulowetsa mpira mu ling'i ndi dzanja monga amachitira amuna.

Pa mpira wamiyendo phazi siligwira mpira, limangoumenya ndi kuuwongolera, choncho kukula kwa phazi sikusintha luso kwenikweni. Tabitha ndi Temwa Chawinga amagoletsa ndi saizi 5 womwewo umene a Flames amasewera nawo, pa golo lomwelo la mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 m'mwamba. Amene amamva kuwawa kwa lamulo lofananali ndi goloboyi wamkazi, amene ayenera kuteteza golo limene linayezedwa pa mikono ya mwamuna. Anthu akamanyoza magoloboyi aakazi pa mipira yodutsa pamwamba pa mutu, amaiwala zimenezi. Volebo anasankha njira ina: mpira ndi umodzi poti umamenyedwa osagwidwa, koma neti ya amuna ili pa mamita 2.43, ya akazi pa 2.24, kuti mkazi wolumpha bwino athe kumenyera mpira pansi kuchokera pamwamba pa neti monga momwe masewerawo amafunira.

Kwa ana anu a kusekondale, musayambe ndi miyezo ya akuluakulu. Ngakhale malamulo a dziko lonse amatsitsa zotchinga kwa osakwana zaka 18: anyamata 91.4, atsikana 76.2. Pophunzitsa tsitsani kuposa pamenepo, ndipo fupikitsani mpata mpaka mwana aliyense azikwanitsa masitepe atatu akuthamanga mwaufulu, kenako muziwonjezera phazi limodzi limodzi pamene akuzolowera. Mukaona mwana akulumphira m'mwamba n'kutera ndi mapazi onse awiri, chotchinga chamutalikira. Mukaona akutambasula miyendo n'kuponda ndi chidendene, mpata wamukulira. Ngati zotchinga zanu n'zopanga nokha ndi nsungwi kapena mapaipi, onetsetsani kuti zikugwera kutsogolo mwana akazigunda, ndipo musalole aliyense kuzidumpha kuchokera mbali yolakwika, chifukwa kumeneko sizigwa ndipo zimam'kola mwana miyendo.

Pa phunziro lokhalo, tengani tepi yoyezera. Yezani msinkhu wa atsikana ndi anyamata a m'kalasimo, mupeze pakati pa gulu lililonse, kenako anawo agawe okha 8.5 ndi 9.14, ndi 83.8 ndi 106.7, afananitse ndi zimene apeza pa misinkhu yawo. Apatseninso neti ya volebo, 2.24 ndi 2.43, imene ipereka 92 peresenti, ndi chitsulo choponya, makilogalamu 4 kwa akazi ndi 7.26 kwa amuna, chimene chipereka 55 peresenti. Pa chitsulocho muwafotokozere kuti muyezo wake si msinkhu koma mphamvu za mikono ndi chifuwa, pamene amuna ndi akazi amasiyana kwambiri kuposa pa miyendo, ndipo muwasiye atsutsane okha ngati makilogalamu 4 ndi okwanira.