Mnzanga sapeza khadi la ukwati, ndimuuze bwanji?

"Madyerero a ukwati wathu akachitikira ku loji ina ku Senga Bay, kulowa kwake ndi khadi. Makadi sanakwane, mnzanga wa kusekondale watsala. Ndimuuze bwanji?"

Achemwali, muuzeni nokha makadi asanayambe kugawidwa. Chopweteka kwambiri ndi kumvera kwa ena, kapena kuliona khadilo m'manja mwa mnzake. Musalembe meseji, pitani kwawo kapena muimbireni.

Mutchulireni manambala, chifukwa kwathu kuno tinazolowera kuti ukwati ndi wa aliyense, ndiye kungoti "malo achepa" kumamveka ngati bodza. Tinene kuti loji ikulipiritsa pa mbale ndipo mwakwanitsa mipando 100. Kuchimuna atenga 40, kuchikazi 40, yotsala 20 ndi ya ankhoswe, abusa, operekeza ndi akomiti. Pa 40 yanuyo makolo aikapo amalume, azakhali ndi akumpingo, inu mwatsala ndi 5 basi. Akamva chonchi amawerengera yekha.

Ngati wina wa gulu lanu la kusukulu walandira khadi, nenanitu ndi chifukwa chake, poti zithunzi zidzaulula. Musanamizire abambo akunyumba kuti ndiwo akana, adzadana nawo mpaka kalekale. Musalonjezenso kuti wina akalephera mumuitana.

Kutchalitchi salowera khadi, muitanireni kumeneko. Koma pa gulu la zopereka za ukwati musamuikepo ayi.